Chiganizo Chimene Abwana Anachikana

Ndinkalemba malipoti pa kabungwe kotola zinyalala ku Kawale. Tsiku lina abwana anandibwezera lipoti lofiira ndi bolopeni.

"Mwalemba kuti 'kutoledwa kwa zinyalala kunachitidwa'. Kunachitidwa ndi mizukwa? Yambani ndi munthu, kenako zimene wachita."

Ndinakonza: "Amayi asanu anatola zinyalala ku Biwi." Abwana anagwedeza mutu mokhutira.

Pansi pake panali chiganizo china: "Kuchotsedwa kwa zinyalala pamsika kunalephereka chifukwa cha kusapezeka kwa lole." Nachonso ndinachipezera mwini wake: "Abwana anatenga lole kukatuta chimanga chawo ku Dedza."

Anachiwerenga kawiri, navula magalasi.

"Ichi chokhachi, mayi, chibwezereni mmene chinalili."

Ndinachibwezera, ndipo lole ija inasowanso yokha.