Hina Wakuda Kulibe

Achemwali anga akhala akukonza tsitsi kwa zaka makumi awiri m'kasaluni ka mipando iwiri, ndipo dayi wakuda sanalowepo pakhomo pawo. Imvi amazipaka hina, ufa wa masamba umene amaunyika m'mawa kuti utulutse mtundu. Tsitsi lakuda limangowala, imvi n'kufiirira ngati waya wa kopa, ndipo zomera kumene m'munsi sizionekera patali. Wofuna kuderako amamupaka indigo, ufa winanso wa masamba, pambuyo pake, pang'ono chabe, kuti mutu usafanane paliponse.

Loweruka mlamu wathu analowa, n'kuvula duku. Mutu wonse unali bii ngati polishi ya nsapato.

"Wakuchitani zimenezi ndani?" anafunsa achemwali.

"Ndadzipaka ndekha. Ndi hina yemweyo, koma wakuda. Mphindi khumi basi, osati maola anu atatu aja."

Anatulutsa kapaketi m'chikwama. Achemwali anakawerenga kumbuyo, n'kukaponya m'bini.

"Hina wakuda kulibe, alamu. Uyu ndi dayi wobwereka dzina la mnzake. Chaka chathunthu ndakhala ndikuulera mutu umenewu, inu n'kukauthira phula."

"Ndiye ingondipakani wanuyo pamwamba."

"Hina sayeretsa chakuda. Mudikira tsitsi lina limere."

Anatenga chipeso, n'kugawa tsitsi pakati, kuti mlamu adzione bwino pagalasi.

"Pakatha masabata atatu, apa padutsa msewu wa imvi woyera mbee. Anthu akadzakufunsani kumene mumakonzetsa tsitsi, mudzawasonyeze bini iyo. Dzina langa musadzalitchule."