Kolomiyamu ndi cholembera changa chofiira

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa kemisitiri pa koleji ina ku Limbe, ndinkadalira lamulo kwambiri. Ndinkauza ophunzira kuti maelekitironi akamadzaza maobitolo, malo awo okhala mu atomu, amayambira a mphamvu zochepa. Choncho obitolo yotchedwa 4s idzaze kaye, kenako yotchedwa 3d. Za mu 3d momwemo ndinkayerekeza ndi minibasi ya ku Chirimba ikafika yopanda anthu: aliyense amayamba wakhala payekha, zopanikizana zimabwera pambuyo.

Pochonga mayeso ndinapeza mtsikana wina atalemba chiwerengero cha maelekitironi mu maobitolo a zitsulo ziwiri motere: kolomiyamu 3d⁵ 4s¹, kopa 3d¹⁰ 4s¹. Ndinakhwatcha zonse ziwiri, n'kulembapo 3d⁴ 4s² ndi 3d⁹ 4s².

Nditabweza mapepala m'kalasi, mtsikanayo anakumbukira kuti wamkulu sumutsutsa pagulu. Anadikira anzake atuluke, n'kubwera ndi buku lotsegula, atagwira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwina ndine ndasokoneza. Tandithandizeni pamenepa."

Ndinawerenga chiimire. Mphamvu za 4s ndi 3d zimasiyana pang'ono kwambiri, moti mu zitsulo ziwirizi elekitironi imodzi imakhala ku 3d m'malo mwa 4s. Atomu imakhazikika bwino 3d ikadzaza theka, ngati mu kolomiyamu, kapena ikadzaziratu, ngati mu kopa.

Pepala lake ndinalikonza pomwepo, sizinavute. Chimene chinandilemera ndi mapepala a ena onse aja. Iwo anandimvera bwinobwino, analemba zolakwika, ndipo ine ndinawachonga kuti akhoza.