Febe ndi Dzina Lotsala mu Khodi

Febe Kachiwanda sanaphunzire za kompyuta kukoleji. Analowa ntchito pa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza pa Namitete ngati wolemba mayina a alimi m'kaundula, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kulemba zooneka bwino ndi kusayankha akamadzudzulidwa. Bungwe lothandiza lotchedwa Mlatho litabweretsa pulogalamu yotumizira alimi mauthenga pa foni, linatumizanso katswiri wochokera ku Lilongwe. Febe ankamupatsa tiyi, kenako n'kuima kumbuyo kwake n'kumaonerera zimene ankachita. Anaima choncho miyezi isanu. Katswiriyo atapita, zinapezeka kuti mu ofesi monse ndi Febe yekha amene ankadziwa zochitika m'kabokosi kakuda kamene kankakhala pansi pa tebulo, kamene ankakatchula kuti seva.

Malipiro ake sanasinthe. Chinasintha n'chakuti manijala, a Boniface Chimutu, anayamba kumutchula kuti “mtsikana wathu wa kompyuta”, ngakhale Febe anali mayi wa ana awiri. Kalata yake ya ntchito inkakhala ya chaka chimodzi, ndipo Novembala aliyense inkadikira siginecha ya a Boniface m'dirowa yawo.

Novembala wa chaka chimenecho, a Mlatho anatsanzika ndipo panabwera bungwe lina, la Dzuwa. A Boniface anali munthu wodziwa kulandira alendo. Chikwangwani cha pamsewu chinapakidwanso penti. Makalendala akale anapita kukakutira mabuku a ana. Ngakhale ndowa ya madzi osamba m'manja inamatidwa pepala pamene panali chizindikiro cha Mlatho. Alendo a Dzuwa ankayembekezeka kubwera Lachisanu kudzaona alimi akulandira mbewu ya soya, ndipo uthenga woitana alimiwo unali utakonzedwa kuti uchoke wokha Lachitatu 2 koloko masana.

Lolemba a Boniface anaima kumbuyo kwa Febe, n'kuloza pa sikirini ndi kiyi wa galimoto.

“Kodi ichi n'chiyani? Mlatho, Mlatho, Mlatho. Anthuwa sanapite?”

“Ndi mayina chabe a mu fayilo, abwana. A kompyuta amati mavaliyebo.”

Febe anayesa kufotokoza, maso ali pansi. Fayilo imeneyi ndi imene seva imawerenga ikamadzutsa pulogalamu. Muli mayina asanu ndi awiri, dzina lililonse ndi chinthu chake: lina lasunga mawu achinsinsi a kaundula, lina kiyi wa kampani yotumiza mauthenga, ena zina ndi zina. Pulogalamu ikadzuka, khodi yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene imatsatira, imaitana mayinawo limodzi limodzi, monga mmene iye amaitanira alimi pa tsiku logawa mbewu. Ukasintha dzina mu fayilo koma khodi ikuitanabe lakale, palibe woyankha.

“Ndiye sintha konse konse.”

“Zitheka, abwana, koma alendo akapita. Ndiyambe ndauza khodi kuti izilandira mayina onse, latsopano ndi lakale, kenako ndisinthe fayilo, ndiyese, ndiye ndichotse akalewo. Komanso alendo sadzatsegula fayilo imeneyi.”

“Iwe umawadziwa azungu? Amasuzumira ndi kuchimbudzi komwe.”

Lachiwiri Febe anapita ku Nambuma kukalemba alimi atsopano. Lachitatu m'mawa anapeza a Boniface akumudikira pakhomo, nkhope ili ngwee.

“Ntchito yako ya sabata ija ndaigwira pa mphindi ziwiri.”

Anali atakhala pa mpando wa Febe, kutsegula fayilo ija, ndi kuchita zomwe ankachita ndi makalata opempha thandizo: kuuza kompyuta kuti paliponse pali Mlatho iike Dzuwa. Kompyuta inawayankha kuti yasintha malo asanu ndi awiri.

“Ndipo taona, zonse zikuyenda. Kaundula akutseguka. Chafa n'chiyani? Anthu a kompyuta mumakonda kutiopseza ngati asing'anga.”

Febe anayang'ana pa sikirini. Zinkayenda, inde, chifukwa pulogalamu inali isanazimitsidwe chiyambire sabata yatha. Inali idakali ndi zomwe inawerenga pa tsiku limene inadzuka. Fayilo yatsopanoyo ikanaiwerenga pa kudzuka kotsatira, ndipo pamenepo ndi pomwe akanadziwa chafa.

“Ndibwezeretse kaye mayina akale, abwana, mpaka Lachisanu lidutse?”

“Ubwezeretse Mlatho? M'nyumba muno?”

Anakhala pansi n'kuyamba kufufuza mu khodi. Mu foda yaikulu anapeza malo amene mayinawo ankaitanidwa, ndipo anawasintha mosamala. Atawerenga, anakwana asanu ndi limodzi. Anawerenganso ndi chala pa sikirini. Mu fayilo asanu ndi awiri, mu khodi asanu ndi limodzi. Lotsala linali DZUWA_MODE.

“Abwana, latsala limodzi. Sindinapeze pamene likuitanidwa.”

“Limodzi pa asanu ndi awiri? Kusukulu kumeneko n'kukhoza. Dzuka, ukatenge malaya a alimi ku Nsaru. Telala akuti atha.”

“Koma abwana…”

“Alendo adzaona malaya, mayi. Khodi yakoyo avala ndani?”

Febe anadzitonthoza kuti bola seva isazime, uthenga wa 2 koloko uchoka bwinobwino ndi mayina akale omwe pulogalamu inasunga. Anayang'ana batire yothandiza magetsi akazima, imene inafa chaka chatha ndipo tsopano inkagwira ntchito yotsekereza chitseko. Anatenga chikwama chake n'kupita.

Ali kwa telala, magetsi anazima pa Namitete. Anayakanso cha m'ma 1 koloko. Seva inadzuka, inawerenga fayilo yatsopano, ndipo mayina asanu ndi limodzi anayankha. Pulogalamu inayenda osadandaula.

Febe anafika nthawi itapitirira 2 koloko, mtolo wa malaya uli pamutu. Mu ofesi munali a Boniface ndi wapampando wa komiti ya alimi, mayi Rachel Kamwendo a ku Mpingu, omwe anaitanidwa kudzamvera mawu olandirira alendo. A Boniface anali ataima pakati pa chipinda, pepala la mawuwo m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina. Foniyo inkalira osapuma, ngati nkhuku yofuna kuikira.

Mayi Rachel ndiwo anafotokoza. “Uthenga woyamba utafika abwanawa anasangalala, akuti umboni ndi umenewu, makina akuyenda. Wachiwiri akuti makinawa ndi aulemu, akubwereza. Pano sindikudziwa tili pa angati.”

“Okondedwa a Lekisina Banda,” a Boniface anawerenga mokweza, thukuta likutsika. “Okondedwa a Isaki Mbewe. Ine ndine Isaki? Okondedwa a… Febe! N'chiyani chimenechi?”

“Ine wanga sunafike,” anatero mayi Rachel, akuyang'ana kafoni kawo. “Kapena uli mmenemo. Tandiyang'anireni, abwana.”

Febe anaponya mtolo pansi, n'kuimitsa pulogalamu. Kenako anafufuzanso, ulendo uno m'mafoda onse. Dzinalo analipeza m'kagawo kotumiza mauthenga, kamene katswiri uja anakaika pakokha mu foda ina. Kankaitanabe MLATHO_MODE. Ndipo katswiriyo, pofuna kuteteza alimi ku mauthenga olakwika, analemba kuti dzinali likapanda kupezeka, pulogalamu iziganiza kuti ikungoyeserera, ndipo uthenga uliwonse uzipita ku nambala imodzi yoyesera. Nambalayo inali ya a Boniface. Anaumirira okha pa tsiku lotsegulira, kuti uthenga woyamba m'mbiri ya kopaletivi ufikire manijala.

Foni inkalirabe, chifukwa mauthenga omwe anali atachoka kale anali pa mzere ku kampani ya foni. A Boniface anaiika m'dirowa, ndipo dirowa yonse inayamba kunjenjemera.

“Alimi angati alandira?” anafunsa mayi Rachel.

“Palibe, mayi.”

“Tumizanso.”

“Mauthenga amene tinagula atsala ochepa. Sangakwane onse.”

Mayi Rachel anavula magalasi. “Ndiye Lachisanu alendo adzapeza matumba a mbewu, malaya, ndi ife atatu?”

A Boniface anakhosomola. Mawu awo anasintha, anakhala a pamsonkhano. “Mayi wapampando, ndakhala ndikuona kuti mbali ya kompyuta ikufunika munthu wa mapepala ake. Mtsikanayu amayesetsa, koma lero m'mawa wagwira khodi, masana zaonongeka. Kalata yake ya ntchito ndiyenera kuiganiziranso.”

Febe anasintha mzere umodzi uja kuti uitane dzina latsopano. Anawonjezera kuti dzinalo likadzasowanso, pulogalamu izikana kudzuka ndi kunena chasowa, m'malo mongodziganizira yokha. Anaidzutsa, n'kutumiza uthenga umodzi ku nambala ya mayi Rachel. Kafoni kawo kanalira.

“Eya, wafika! Okondedwa a Rachel Kamwendo. Ndine ameneyo.”

“Atsogoleri a makalabu alipo makumi asanu ndi limodzi,” anatero Febe motsitsa mawu. “Otsalawa akwana amenewo. Ndiwalembere kuti auze anzawo mawa.”

“Lemba, mwanawe. Unenenso kuti alengeze ndi pachigayo pomwe.” Mayi Rachel anakokera mpando pafupi. “Koma ine ndikufuna ndimvetse. Mayinawa anayamba kusintha ndi ndani?”

Febe anatsegula fayilo ija. Pa mndandanda wa mafayilo, kompyuta inkaonetsa tsiku ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza: Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Mayi Rachel anali atavalanso magalasi. Lachiwiri 10 koloko anali limodzi ndi Febe pansi pa mtengo wa mango ku Nambuma, akudya chinangwa chophika.

Dirowa inanjenjemeranso.

“Kunena zoona,” anatero a Boniface, “kunali kuyesa makina. Tinafuna tione ngati angapirire mauthenga ochuluka nthawi imodzi. Eti, Febe?”

Febe anayang'ana kiyibodi.

“Apirira,” anatero mayi Rachel. “Foni yanunso yapirira. Kalata ya mayiyu ili kuti?”

“Ili m'dirowa, ndidzaiona sabata ya mawa.”

“Tsegulani. Ndi momwemo mukulira foni, eti? Mukhala mwachita ziwiri.”

A Boniface anatsegula. Foni inali itayenda yokha mpaka pamwamba pa kalatayo. Anaisuntha, anafunafuna cholembera m'matumba onse a jekete, mpaka mayi Rachel anawapatsa chawo. Anasaina.

Lachisanu alimi anabwera, ena pa njinga, ena pa ngolo, ochuluka kuposa malaya. Alendo a Dzuwa anajambula zithunzi, anagwira mbewu, anafunsa za mvula. Mmodzi analowadi mu ofesi, n'kufunsa kuti amayang'anira makinawa ndani. A Boniface anatsegula pakamwa, koma mayi Rachel anawatsogolera.

“Ndi awa, mayi Kachiwanda.”

Febe anagwira chanza cha mlendoyo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, kenako anapepesa kuti achoke. Panja panali alimi a ku Kabudula omwe anali asanalembedwe m'kaundula, ndipo mitambo inali itayamba kuda.