A Nelia ndi milandu yosafika kupolisi

A Nelia ndagwira nawo ntchito zaka zambiri pa kachipatala kathu kuno ku Kabudula, iwo mlangizi wa zaumoyo, ine wosesa ndi kutsuka ziwiya za odwala. Ndi mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Kwawo ndi ku Nambuma, kuno anabwera ndi ukwati wa chitengwa, ndipo amuna awo atamwalira anakana kubwerera. Iwo sapsa mtima msanga. Wopsa mtima ndine, ndipo nkhani iyi mpaka lero imandiwawa.

Fodya akayamba kugulitsidwa, ife timadziwiratu kuti mabandeji atha. Amayi amabwera diso lili psuu, mlomo utang'ambika, n'kumati, "Ndagwa panjinga." Njinga za kuno zimadziwa kusankha pomenya! A Nelia satsutsa munthu, amangotsuka bala. Amadziwa kuti mayiyo akuopa kuti akanena zoona amutuma kukatenga kalata kupolisi. Kupolisiko n'kutali, wa kabaza safuna zikomo. Akamumanga mwamuna wake womumenyayo, fodya asankha ndani, ana adya chiyani? Ankhoswe nawo ali pomwepo kunena kuti za m'banja saulula. Mbuzi ikabedwa ndi mphwake wa mwini khola, nkhani imathera pakhonde pa amalume. Chimene anthu amathamangira nacho kupolisi ndi ng'ombe kapena njinga yamoto, poti pamenepo pali chiyembekezo choti ipezeka. Ena ofikako amauzidwa kuti kakambiraneni kaye kunyumba, ndipo m'buku simulowa kanthu.

Pa polisi yaing'ono ya dera lathu panali kachipinda kothandizira ozunzidwa, ndi wapolisi wamkazi mmodzi. Chaka chatha tinamva kuti akuluakulu a polisi akufuna kukatseka n'kumusamutsa, poti m'buku lake munali milandu yowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Amati kuno kuli mtendere. A Nelia anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, ndipo bungwe lina la ku Lilongwe linavomera kuchita kafukufuku. Akuluakulu aja anati adikira zotsatira zake.

Bungwelo linatumiza a Goliati, katswiri wa ziwerengero, bambo wodekha amene sindimupezera chifukwa chomunyozera ngakhale ndimafuna. Anakhala ndi a Nelia pa benchi ya sikelo ya ana sabata yonse kukonza mafunso. Anawafotokozera kuti buku la apolisi limawerenga amene afika pakauntala basi, choncho iwo ayenera kupita kwa anthu: nyumba zisankhidwe mwamaere, osati molozeredwa ndi munthu, ndipo m'nyumba iliyonse afunsemo mayi mmodzi yekha. Funso lisakhale loti "Kodi munalakwiridwapo?" poti ambiri saona kumenyedwa ndi mwamuna ngati mlandu. Lifunse chimene chinachitika: anakumenyani khofi, anakukankhani, anakulandani ndalama za mtedza wanu? Wovomera afunsidwenso kuti anauza ndani, ndipo ngati sanapite kupolisi, chinamuletsa n'chiyani.

A Nelia anawonjezera zawo. Anati asamafunse za miyezi khumi ndi iwiri, azinena kuti kuyambira pokolola chaka chatha, poti anthu amakumbukira motero. Ofunsa akhale atsikana ochokera kutali, ndipo m'mudzi azinena kuti akufufuza za umoyo wa amayi. A Goliati anavomera zonse. Anangokanganapo pa malo ofunsirapo.

"Mayi, malamulo ake akuti pawiri, pobisika. Ndiye kuti m'nyumba," anatero a Goliati.

"Bambo, nyumba zathuzi mumazidziwa?" anayankha a Nelia. "Apongozi amakhala kuseri kwa zenera akusenda mtedza. Ndiponso mlendo kutsekerana chitseko ndi mkazi wa mwini, mudzi wonse ufuna kudziwa. Akhale pansi pa mtengo, patali, poonekera. Aliyense aone kuti palibe chobisika, koma asamve."

Ine ndinaombera m'manja. Ndinati a Nelia awa ali ndi mutu.

Anayamba ndi mudzi umodzi woyesera. Wofunsa anali Brenda, mtsikana wa ku Namitete, ndi katabuleti kake. Amayi anayankhula zoti a Goliati anagwira pakamwa. Mwa amayi khumi, anayi ananena za kumenyedwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kupolisi. A Nelia tsiku limenelo anandigulira mandasi.

Patapita masiku ochepa, mmodzi mwa amayi aja anabwera kuchipatala dzanja litatupa. Uyu sananene za njinga. Anayang'ana a Nelia m'maso nati, "Amayi, mwandigulitsa."

Chimene chinachitika n'chakuti mafunso aja anali ndi nthambi. Woyankha kuti ayi amadumphitsidwa zonse, Brenda n'kutsanzika madzi osamba asanafunde. Woyankha kuti eya amatsegulirapo mafunso ena: ndani, kangati, munavulala pati. Ameneyo amakhala pansi pa mango mpaka mthunzi kusuntha, mwina n'kupukuta misozi ndi chitenje. Amuna anali m'zigafa mwawo akusankha fodya, maso ali kumtengo. Sanamve liwu ngakhale limodzi, koma anaona amene wachedwa.

A Nelia anakwera minibasi kupita kwa a Goliati. Anawapempha kuti nthawi ikhale yofanana kwa onse, wokana apatsidwe mafunso ena a za malungo ndi katemera mpaka alingane ndi wovomera. A Goliati anati n'zoona, ndipo anadandaula kuti sanaziganizire. Koma zimenezo zikanafuna masiku owirikiza, atsikana ena, ndi chilolezo chatsopano cha komiti yoona za kafukufuku, pamene opereka thandizo anali ataika kale tsiku lotsekera. Chimene anakwanitsa ndi kudula mafunso otsatira aja kuti afupike, ndi kusamutsira zokambirana kuchipinda cha sikelo kwa amene angafune.

Zinali zitachedwa. Nkhani kuno siikwera kabaza koma imafika msanga. Pamjigo, kuchigayo, ku Chigwirizano cha amayi, onse anali atamva: atsikana a tabuleti aja ukawavomera amakuchedwetsa, ndipo kunyumba ukayankha mlandu. Kupita kusikelo popanda mwana wodwala nako kunali kudziulula. Ine ndinakwiya ndi onse, amuna, bungwe, ngakhale amayi omwewo, koma ndikanakhala ine ndikanatani?

Tsiku lomaliza maere anagwera mudzi wa Lidiya, ndi nyumba yake yomwe. Lidiya ndi mayi wa ana atatu amene a Nelia anamutsuka bala la pamutu mwezi wa Epulo, ine nditagwira beseni. Nthawi imeneyo Lidiya anawanong'oneza kuti akadzalimba mtima adzapita kwa wapolisi wamkazi uja. Ife tinali m'mudzimo ndi katemera, tinaima pafupi ndi tchalitchi. A Nelia saloledwa kuona mayankho a munthu, ndipo sanapemphe.

Brenda anayala mphasa pansi pa mtengo. Lidiya anakhala, manja pamiyendo. Mwamuna wake anatsamira mzati wa chigafa. Ine ndinawerama kuti nditsegule bokosi la katemera, ndipo poweramuka ndinaona Brenda akupinda kale mphasa, mafunso atatha.

A Nelia anakhala pansi pafumbi pomwepo, yunifolomu ndi yonse. "Ndine ndinati pamtengo," anatero.

Lipoti linatuluka mvula itayamba. A Goliati analembamo mosabisa kuti chiwerengerocho n'chotsika kuposa zenizeni, nafotokoza chifukwa chake, koma mawuwo anali kumapeto, ndipo akuluakulu anawerenga tsamba loyamba. Wapolisi uja anasamutsidwira kutawuni. M'kachipinda muja tsopano amasungiramo njinga zolandidwa.

A Nelia akugwirabe ntchito. Sabata yatha Lidiya anabweranso, nsagwada itatupa. A Nelia anamutsuka, kenako anamufunsa motsitsa mawu ngati akufuna kuti amuperekeze kwinakwake.

"Kuti, amayi?" anafunsa Lidiya.

A Nelia anangomata bandeji.