Masilaidi Atatu a Abambo

Pa koleji ina ku Pretoria West, anzanga atatu anandisankha kutsogolera gulu lathu lokafotokoza kafukufuku pamaso pa kalasi. Ndinalemba uthenga wogawa ntchito: chiyambi ine, zomwe tinapeza anzanga awiri, mathero mnzathu wachikulire amene tinkamutchula kuti Abambo, wosamala maluwa kumayadi. Aliyense masilaidi atatu basi, andipeze pofika Lachinayi, poti aphunzitsi anatipatsa mphindi khumi zokha.

Lachiwiri Abambo ananditumizira khumi ndi awiri. Ndinapsa mtima, koma munthu wamsinkhu wa bambo ako umamudzudzula bwanji? Ndinangowatumiziranso uthenga uja, ndili ndi manyazi.

Anayankha kuti, "Usaope, mwanawe. Kudulira ndiye ntchito imene imandidyetsa muno mu Joni."

Lachinayi m'mawa anatumiza atatu, ndipo anali abwino kuposa anga.