Maziko a Nyumba ya a Njobvu

A Laban Daka a ku Chililalila anali mmisiri womanga, munthu wosadziwa kubweza mawu kwa akuluakulu. Mu 1986 anapeza kontrakiti yomanga nyumba ku Highridge, ya a Njobvu, mkulu wa kwawo ku Petauke. Pokumba maziko anapeza dothi lofewa lomwe pulani sinatchule. A Njobvu anasuzumira m'dzenjemo nati, "Pitirizani, tidzakambirana." Kwa a Laban, kupempha munthu wamkulu kuti asaine kunali ngati kumutcha wabodza. Choncho anakumba mozama n'kuthira konkire.

Pepala losintha mgwirizano a Laban anabwera nalo khoma litafika kale m'mawindo.

"Atate, tinakumba kuwirikiza kawiri. Simenti ndi miyala zinalowa zambiri, mtengo wake ndi uwu. Tsiku lomaliza nalonso lisunthe, musandidule ndalama za kuchedwa."

"Anayeza ndani musanakwirire?" anafunsa a Njobvu.

"Palibe, atate. Munaona nokha."

"Ndinaona dzenje. Sindinasaine kanthu."

A Njobvu sanawalipire ndalama zowonjezerazo, ndipo za kuchedwa anadula ndithu. A Laban anagulitsa zida zawo, nakalambira pa ganyu woumba njerwa ku Makululu. Mumsewu wonsewo, nyumba ya a Njobvu yokha ndiyo sinachitepo mng'alu.