Mmene a Paston Anabwezera Dzina la Bambo Awo

Ku Limbe kuli anthu amene amati a Paston anali munthu wamakani basi. Amenewo pakamwa pawo mpoyabwa, ndipo ambiri mwa iwo anakwerapo ulere pa lole ya a Paston omwewo, atakhalira matumba a mchere, osanena ngakhale zikomo. Makani analipo, inde. Nanga munthu wofatsa ngati nkhosa angatulutse lole ya mmwenye m'matope a msewu wa ku Mulanje nthawi ya dzinja? Koma pankhani ya dzina, amene akuwaseka ayambe wamva mutu wake.

A Paston anali Mlomwe. Anawoloka malire ali mnyamata, kuchokera kwa Apwitikizi, atagwira nsalu ya mayi awo, bambo awo a Namakhwa atatsala m'manda kuseri kwa phiri. Tsiku limene ankalembedwa ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kalaliki anafunsa dzina, mnyamatayo nayankha m'Chilomwe. Kalalikiyo analibe nthawi yotchera khutu. Anangoyang'ana chimene mwanayo ananyamula paphewa, nalemba kuti Fosholo. Basi dzina linamera pomwepo. Linalowa m'buku la msonkho, linalowa pa khadi la ubatizo, pa kalata ya ukwati ya mtchatho, pa laisensi, mpaka pa ana. A Paston Fosholo, dalaivala wa golosale ya mmwenye ku Limbe, nyumba yawo ku Soche, mawu awo omveka kuchokera ku siteshoni mpaka kumsika.

Zaka zonsezo sanadandaule. Chinawatembenuza mtima ndi mwana wawo woyamba, Constance, m'chaka chija cha chipwirikiti, 1959, asilikali a Chitaganya atadzaza m'misewu. Constance anali mu Sitandade 6, mutu wakuthwa ngati lumo. Tsiku lina anabwera ndi uthenga wa ahedi kuti mayina a olemba mayeso a boma atumizidwa ku Zomba mwezi ukamatha, ndipo dzina limene lidzapite ndi limene lidzakhale pa satifiketi mpaka kalekale.

"Ndiye alemba chiyani?" anafunsa a Paston.

"Constance Fosholo," anatero mwanayo, maso ali pansi.

A Paston anaika kapu ya tiyi pansi. Iwo kutchedwa chokumbira, chabwino, anazolowera. Koma mwana wophunzira, amene mwina adzavala zoyera m'chipatala, odwala nkumamuitana kuti Nesi Fosholo? Pamene agogo ake anali ndi dzina lolemera, lokhala ndi mudzi ndi manda ake?

M'mawa mwake anali kale pa ofesi ya ahedi. Ahedi anawalandira bwino, koma anati iwo amakopera dzina pa khadi la ubatizo, ndipo sangalembe lina popanda pepala la boma. A Paston anatuluka akupsa mtima, nalumbira kuti kuyambira ola lomwelo iwo ndi a Namakhwa, wofuna afune, wosafuna akagwere uko.

Apa mpamene analakwitsa, ndipo tinene chilungamo, analakwitsa chifukwa cha chikondi. Anayambira kumchira. Anagula utoto, nauza wolemba zikwangwani kuti alembe P. NAMAKHWA pachitseko cha lole. Kenaka anaumiriza mmwenye wawo kuti kalata yantchito, imene madalaivala ankayenda nayo masiku ovutawo, ilembedwenso m'dzina latsopano. Mmwenyeyo anayesa kukana, koma ndani anapambanapo mkangano ndi a Paston?

Sanapite patali. Pa Chichiri, pakati pa Limbe ndi Blantyre, apolisi anali atatchinga msewu ndi migolo. Sajeni anatenga mapepala nawayala pa boneti. Laisensi, Fosholo. Chiphaso cha msonkho, Fosholo. Kalata yantchito, Namakhwa.

"Bambo, pali anthu awiri apa. Inu ndinu uti?"

"Ndine Namakhwa."

"Ndiye laisensiyi mwaba kwa Fosholo."

"Sindinabe. Ndi yanga."

"Ndiye ndinu a Fosholo."

"Ndati ndine Namakhwa, achimwene. Kodi makutu munasiya ku polisi?"

Anawakhazika pansi pa mtengo wa bulugamu, lole ili pambali ndi katundu wake. Masiku amenewo munthu wa mayina awiri ankamuyesa wa Kongeresi wothawa, ndipo ku Kanjedza, kumene ankatsekera anthu, sikunali kutali. Anthu odutsa pa njinga ankawazindikira. "A Fosholo, kwagwanji?" Iwo kuyang'ana kumwamba ngati sakumva. Amayi ogulitsa nthochi, "A Fosholo, mwaswera bwanji?" Iwo duu. Mboni zinkadutsa zokhazokha, mwini wake nkumazikana.

Uthenga unafika ku Soche, ndipo mayi Idah, akazi awo, anabwera wapansi, chilundu chili m'chiuno, mtchatho ataukulunga m'kansalu. Sajeni anawafunsa kuti bambowa dzina lawo ndani.

"Pepani achimwene, ine kwathu sanandiphunzitse kutchula dzina la amuna anga. Awa ndi bambo a Constance. Koma zimene zili papepalapa muwerenge nokha."

Kenaka anatembenukira kwa amuna awo, nalankhula motsitsa, monga ankachitira akafuna kuti mawu alowe.

"Bambo a Constance, mukagona ku Kanjedza, mwezi utha muli konko. Mwana alemba mayeso ndi dzina lomwe mukulikanalo. Vomerani lero, kuti mudzalikane bwino mawa."

A Paston anaimirira, navula chipewa.

"Sajeni, ndine Fosholo. Pakadali pano."

Anawamasula dzuwa litapendeka, atawachenjeza kuti kalata yantchito ibwerere mwakale. Utoto wa pachitseko anaupala okha ndi mpeni, akutukwana chamumtima.

Amene anawaongolera njira anali a Kingstone, Msena wa ku Port Herald kuchigwa kuja, mnansi wawo ku Soche, kalaliki kwa loya wina ku Blantyre. Awiriwa ankanyozana tsiku ndi tsiku pa bawo, koma pamavuto ankathandizana.

"Iwe Mlomwe, nyumba amayamba ndi denga kwanu?" anatero a Kingstone. "Choyamba ndi chikalata cholumbirira, azungu amati didipolo. Loya alemba kuti ukusiya dzina lakale, ukutenga latsopano, iwe pamodzi ndi mkazi wako ndi ana ako. Mayina a anawo asasowe, apo ayi wasintha wekha, Constance watsala. Usayina pamaso pa wolumbiritsa, adinda, tikalembetsa ku kaundula wa boma, nkutenga makope odindidwa. Chenichenicho usapatse munthu, uzingoonetsa."

"Kenaka ku sukulu," anatero a Paston.

"Kenaka kwa abusa, chifukwa ahedi amatsata khadi la ubatizo. Za iwe mwini, uyambe ndi msonkho ku boma la Thyolo kumene unalembedwa, ubwere ndi chiphaso chatsopano, ndiye laisensi, ndiye buku la ku positi. Kalata ya mmwenye ndi utoto wakowo, pomalizira penipeni. Ofesi iliyonse imafuna kuona pepala la ofesi inzake."

"Nanga mtchatho?"

"Mtchatho safufuta. Unakwatira uli Fosholo, zinachitika basi. Uzingousunga pamodzi ndi chikalatacho. Koma tamvera, posayina usayina kawiri, dzina lakale ndi latsopano."

Apa mpamene panagona vuto la a Paston. Munthuyu sanapondeko m'kalasi. Anadziphunzitsa yekha kuwerenga zikwangwani za pamsewu, ndipo dzanja lawo linkadziwa kulemba mawu amodzi okha, Fosholo, ndi mchira wokhotakhota kumapeto umene ankanyadira nawo kwambiri. A Kingstone anati chala chiliponso, akhoza kudinda.

"Chala? Dzina la bambo anga ndilipake ngati mwana wogwira mwaye? Iwe Msena, usandiyambe."

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, anakhala pakhonde ndi sileti ya Constance. Mwana kukhala mphunzitsi, bambo kukhala wophunzira, ndipo wophunzirayo anali wovuta.

"Ababa, mwaiwala h."

"Ameneyu akugwira ntchito yanji? Tamuchotsa."

"Mukamuchotsa si dzina la agogo."

"Chabwino, akhale. Koma ayandikire mnzakeyo, asamaime ngati mlendo."

Choko chinathyoka kangapo. Zala zozolowera chiwongolero zinkatuluka thukuta. Mayi Idah ankasenda nandolo chapatali, akudziletsa kuseka. Mlungu wonsewo a Paston ankalemba Namakhwa paliponse, pafumbi la boneti, pamatumba a shuga, mpaka mmwenye anafunsa ngati katundu yense wagulidwa ndi munthu mmodzi.

Tsiku losayina anavala jekete la ukwati. Wolumbiritsa anawerenga m'Chingerezi, a Kingstone akumasulira. Atafika pa mawu akuti akusiya dzina la Fosholo kotheratu, osadzaligwiritsanso ntchito, a Paston anazengereza. Dzina lonyozekalo ndi limene linawapezera laisensi, linamanga nyumba, linalera ana. Analisayina pang'onopang'ono, mchira uja naukoka bwino kuposa kale lonse, ngati munthu woperekeza mlendo amene wakhala naye nthawi yaitali. Kenaka anapuma, nalemba linalo. Zilembo zinapendama ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo, koma zonse zinalipo.

Makope atatuluka, mwezi unali utatsamira kumapeto. Abusa anawerenga chikalatacho, natsegula buku la ubatizo. A Paston anapempha kuti dzina lakale alifute ndi inki yakuda. Abusa anakana, nati buku la mpingo safufuta, ndipo analemba dzina latsopano m'mphepete, pa a Paston, pa mayi Idah ndi pa ana onse, nakonzanso makadi. A Paston anang'ung'udza, koma nthawi yokangana panalibe. Za msonkho ndi laisensi anazisiya kuti adzayende nazo mwezi wotsatira, ndipo pa lole anapitiriza kuyenda ndi mapepala akale onse, kope la chikalata lili m'thumba la malaya.

Ahedi anali atayamba kale kukopera mayina pamene bambo ndi mwana analowa. Anayang'ana kope lodindidwa, anayang'ana khadi, naviika cholembera mu inki. A Paston anaima kumbuyo kwawo, mpweya uli pakhosi pa ahedi, kuyang'anira chilembo chilichonse. Constance Namakhwa.

"Ndiye pepalali lipita bwanji ku Zomba?"

"Pa positi, bambo."

"Ndipatseni ndikasiye ndekha. Lole ilipo."

Ahedi anakana mwaulemu. A Paston anadikira panja mpaka envulopu itamatidwa, naperekeza mesenjala wa sukulu mpaka ku positi, kumuteteza ku njinga ndi agalu, ndipo sanachoke mpaka anamva kalatayo ikugwera m'bokosi.

Madzulo a tsikulo anakhala pakhonde ndi a Kingstone, bawo lili pakati, akufotokozera aliyense wodutsa mmene anagonjetsera boma. Mayi Idah anabweretsa tiyi, nati mwachifatse, "Mwavutika ndithu, bambo a Constance. Komatu ndi mwana wamkazi ameneyu. Tsiku lina adzabwera mnyamata, dzinalo nkusinthanso."

"Mwina wa kwathu ku Port Herald," anatero a Kingstone. "Ng'ombe tili nazo."

A Paston anatapa nkhomo m'dzenje, nazigawa imodziimodzi osathamanga.

"Akwatiwe, ndidzavina. Akasinthe ku positi, akasinthe kutchalitchi, ndidzamuuza ndine poyambira. Koma satifiketi sikwatiwa, amayi. Tasewera iwe Msena, tiyi akuzizira."